Ndinadwala msana chaka chathunthu, pa sivi ndilembepo chiyani?

Nankhoma: Anzanga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndinali kalaliki wa m'sitolo yosungira katundu pakampani ina yogulitsa mopikulitsa ku Limbe kuyambira Malichi 2016. Mu 2021 msana unayamba kundivuta. Poyamba ndinkati ndi makatoni a sopo omwe nthawi zina ndinkathandiza anyamata kusuntha, ndimangomwa panado. Miyendo itayamba dzanzi m'pamene anandipeza ndi chifuwa chachikulu cha m'msana. Tsiku lomaliza kuponda kuntchito linali 8 Okutobala 2021. Ndinagona m'chipatala masabata 11, mankhwala ndinamwa chaka chathunthu kuyambira Novembala 2021 mpaka Novembala 2022. Ntchito inatha ndili pamphasa.

Pano ndili bwinobwino, ndimayenda wapansi kuchoka kunyumba mpaka kumsika osapumira. Pa sivi ndinalemba 2016 mpaka 2021, kenako palibe kanthu. Mwezi watha ndinaitanidwa intavyu koyamba, bambo wina pa panelo anandifunsa kuti chichokereni 2021 mwakhala mukutani. Abale, ndinayamba kufotokoza zonse, za dzanzi, za wodi, za mchemwali wanga amene ankagona pansi pa bedi langa, mpaka misozi. Ndinatulutsanso kabuku ka kuchipatala m'chikwama kuti aone kuti sindikunama. Anangoti zikomo mayi tikuyimbirani. Mpaka lero. Tsopano kwina kwatuluka malo a sitolo kalaliki ndipo kutseka ndi Lachisanu. Ndilembe bwanji?

Mjomba wa ku Bangwe: Chemwali, pepani ndi matenda. Koma ine ndinena mosabisa: mawu oti matenda asatuluke pakamwa panu, olo papepala. Olemba ntchito akangomva kuti munthu anagonapo m'chipatala amayamba kuwerengera masiku oti muzidzajomba. Lembani kuti munkachita bizinesi, kapena munali kumudzi kulima. Ndani adzapite kumudzi kwanuko kukaona munda?

Mkulu wa Mafailo: Mayi Nankhoma, tisanafike pa zoti mulembe chiyani, ndiyankheni mafunso atatu. Ndakhala mu ofesi yolemba antchito zaka zambiri ndipo vuto lanu ndaliona kangapo. Kalata yokuchotsani ntchito ili ndi deti liti? Malipiro omaliza munalandira mwezi uti? Ndipo chimalizireni mankhwala, pali chilichonse chomwe mwakhala mukugwira, kaya cholipidwa pang'ono, kaya cha wachibale?

Nankhoma: Bwana, kalata ili ndi deti la 31 Malichi 2022. Malipiro athunthu anandipatsa mpaka koyambirira kwa Novembala, kenako theka mpaka Disembala yense. Januwale mpaka Malichi sindinalandire kanthu, anati ndili pa tchuthi chosalipidwa akudikira aone ngati ndidzuke. Zogwiragwira, kuyambira Febuluwale chaka chino cha 2023 ndimalemba mabuku kushopu ya alamu anga yogulitsa simenti ndi malata, masiku atatu pasabata. Koma imeneyo si ntchito, amangondipatsa ya sopo.

Mkulu wa Mafailo: Ndiye mwadzilakwira nokha pa sivi yanuyo, mayi. Tiyeni tiwerenge limodzi.

Inu mukuwerenga kuti ntchito inatha tsiku lomwe munasiya kupita. Si choncho. Munthu amene ali pa tchuthi cha matenda akadali wantchito, dzina lake lili m'kaundula wa kampani. Lamulo lathu lolembana ntchito la 2000, gawo 46, limati amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ayenera kupatsidwa masabata osachepera anayi a malipiro athunthu ndi masabata asanu ndi atatu a theka pachaka akadwala, bola pakhale kalata ya dokotala. N'zomwe anakuchitiraninso: masabata anayi anakufikitsani koyambirira kwa Novembala, asanu ndi atatu aja anakufikitsani kumapeto kwa Disembala. Miyezi itatu yosalipidwa ija munali mudakali wawo, chifukwa sanakuchotseni mpaka 31 Malichi. Choncho pa sivi polemba ntchito ya ku Limbe ija, ndi Malichi 2016 mpaka Malichi 2022. Zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu. Simukunama, ndi zomwe zili m'failo mwanu.

Kumapeto kwinaku, za kwa alamu anu zija ndi ntchito. Mumalemba katundu wolowa ndi wotuluka, eti? Mumawerenga matumba a simenti otsala n'kufananitsa ndi malisiti? Ndi zomwezo zimene akufuna kumene mukufunsirako. Lembani kuti Febuluwale 2023 mpaka pano, wolemba mabuku ndi kuwerenga sitoko, masiku atatu pasabata. Musawonjezere kuti ndinu manijala, lembani zenizenizo.

Tsopano onani chatsala: Epulo 2022 mpaka Januwale 2023. Miyezi khumi. Pamene munalemba zaka zokha, 2016 mpaka 2021, wowerenga amene sakukudziwani akhoza kuganiza kuti munasiya mu Januwale 2021, ndiye kufika pakati pa 2023 akuona zaka ziwiri ndi theka muli chikhalire. Mpata wa miyezi khumi munaukulitsa nokha katatu.

Nankhoma: Ayi ndithu ndakhala chete kaye. Sindinawerengepo motero. Ine m'mutu mwanga moyo unaima pa 8 Okutobala paja.

Mphunzitsi wa Masamu: Masamuwo ali bwino, koma chikumbumtima changa chikukana pang'ono. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mayiwa sanagwire bolopeni ya kampani olo tsiku limodzi. Wowerenga sivi aganiza kuti anagwira. Kodi kumeneko si kunama kovala jekete?

Mkulu wa Mafailo: Aphunzitsi, mzimayi akapita pa tchuthi chokabereka, mumadula sivi yake pakati? Sivi imanena nthawi yomwe munthu anali wolembedwa. Bodza lingabwere atafunsidwa mwachindunji kuti munasiya liti kupita kuntchito, iwo n'kuyankha Malichi. Pamenepo ayankhe zoona: ndinadwala mu Okutobala, ndinali pa tchuthi cha matenda mpaka Malichi. Mafomu ena amafunsanso masiku omwe munajomba chifukwa chodwala. Akafunsa choncho, alembe zoona zomwezo.

Kabaza wa pa Sitima: Koma inu nonse mukusiya nkhani yeniyeni. Anawachotsa bwanji munthu akudwala? Asumire kampaniyo! Msuweni wanga anathyoka mwendo akutsitsa katundu mu lole, anapita ku leba, anamupatsa chipepeso. Mayi pitani ku leba mawa lomwe.

Nankhoma: Achimwene, zikomo, koma ine sindikufuna milandu. Ndikufuna ntchito. Komanso bwana wanga wakale ndi amene ndikufuna andichitire umboni.

Mkulu wa Mafailo: Ya msuweni wanuyo ndi ina, achimwene, iye anavulala ali pantchito ndipo imeneyo ili ndi lamulo lakelake la chipepeso. N'zoona kuti gawo 57 limati kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chochotsera munthu ntchito. Koma kuti miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi ndi kanthawi kapena ayi, anthu amakanganirana kukhoti la za ntchito, komanso dandaulo la kuchotsedwa limayenera kufika kwa a leba a m'boma mwanu pasanathe miyezi itatu. Tizisiye, si zomwe mayi afunsa.

Namwino Wopuma: Mwana wanga Nankhoma, ine ndalira ndi zoti munatulutsa kabuku ka kuchipatala. Musadzachitenso. Kabuku kaja si ka matenda amodzi. Muli zonse: mimba zanu, njira yakulera, zoyezetsa magazi, malungo a zaka zapitazo, ndi zolemba za adokotala zomwe munthu wamba amawerenga mokhota. Munthu akakatsegula saona tsamba lomwe inu mukufuna, amaona lomwe diso lake lagwerapo. Ndipo tisanamizane, kuno munthu akangomva kuti chifuwa chachikulu, m'mutu mwake mwabwera kale matenda enawo, kaya muli nawo kaya mulibe.

Chomwe mukufunika ndi kalata imodzi yaifupi. Pitani komwe munkalandirira mankhwala, mutenge kadi yanu ija yomwe ankachongapo, muonane ndi dokotala kapena kiliniko ofesa. Mupemphe akuyezeni, alembe kuti munali pa chithandizo kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti, munamaliza, ndipo akuonani lero kuti mukhoza kugwira ntchito. Muwauze poyambirira pomwe kuti dzina la matenda asalembe. Ambiri amalemba mwachizolowezi ngati simunawauze. Pakhale chidindo, deti, ndi dzina lake looneka bwino.

Chinthu chimodzi chokha: mumuuze dokotalayo ntchito yake ndi yotani. Msana womwe unadwala matenda amenewa ena umachira osasiya vuto, ena fupa limakhala litaphwanyika pang'ono ndipo kunyamula zolemera kumaletsedwa. Ngati inu anakuletsani, kalata inene kuti ntchito ya pa desiki ndi yoyendayenda ili bwino koma osasenza katundu wolemera. Kuli bwino adziwe akukulembani kusiyana n'kuti mwezi wachiwiri akuuzeni kuti thandizani kutsitsa matumba.

Nankhoma: Amayi, anandiuzadi kuti zolemera ndisamanyamule. Lamba wa msana ndinasiya kuvala mu Ogasiti chaka chatha, mafizo ndinamaliza. Koma zimenezo ndikazinena si ndiye andisiya?

Namwino Wopuma: Kalaliki amanyamula bolopeni ndi makiyi, mwana wanga. Osenza alipo awo. Inuyo munkasuntha makatoni chifukwa cha mtima wanu wabwino, si kuti zinali mu kontilakiti. Komanso dziwani izi, mwina wina adzakufunsani mwamantha: chifuwa chachikulu chikakhala m'msana mokha osakhudza mapapo, sichipatsirana ngati cha m'mapapo chija, ndipo inu munamaliza mankhwala kalekale. Chifukwa chake chanu chinatenga chaka pamene cha m'mapapo kawirikawiri chimatenga miyezi isanu ndi umodzi n'choti cha m'mafupa amachipatsa nthawi yotalikirapo. Sikuti munali ndi choopsa kwa anthu ena.

Mjomba wa ku Bangwe: Ine ndikadali pomwe ndinaima. Miyezi khumi ndi yochepa, ingokokani madeti. Ya alamu ija muyambitse Epulo 2022, mpata watsekeka, nkhani yatha. Alamu anu angakukaneni?

Mkulu wa Mafailo: Mjomba, pa mfundo yoti dzina la matenda lisatchulidwe muli bwino, ndikugwirizana nanu. Pa kukoka madeti ayi. Ndikuuzeni mmene timagwirira anthu, si nzeru zakuya. Timaimbira bwana wakale. Bwanayo, mwa chifundo chake chomwe, amati eya mayi amenewo ndi olimbikira, tinadandaula kuti anadwala kwambiri mpaka tinawasiya ali chigonere. Ndiye ine ndili ndi sivi patsogolo panga yonena kuti tsiku lotsatira lomwe anali kuwerenga malata kushopu. Sindifunsanso za matenda pamenepo, ndikufunsa kuti munthu amene ndikufuna kumupatsa makiyi a katundu wa mamiliyoni wandinamiza pa pepala loyamba. Pa ntchito ya sitolo, chimenecho chimapha kuposa msana. Ndipo zikadziwika atalembedwa kale, mafomu ambiri amakhala ndi kamzere kosainira kuti zonse ndalemba n'zoona, ndiye wawapatsa yekha chomuchotsera.

Mjomba wa ku Bangwe: Bwana, inu mukunena za makampani okhala ndi ofesi ngati yanuyo. Mashopu ambiri a mu Limbe saimbira aliyense. Ine ndinalowa ntchito zitatu, palibe anaimbapo foni.

Mkulu wa Mafailo: N'zoona, ambiri saimba. Koma simudziwa woimba ndi uti, ndipo Limbe ndi yaing'ono. Madalaivala a malole amadziwa makalaliki onse.

Mai a Mapasa ku Leeds: Moni nonse kumudzi. Ndiponyeko za kuno ku England, mwina wina akuganiza zobwera. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuno pa ntchito imeneyi malamulo amakakamiza olemba ntchito kusunga mbiri yonse ya ntchito za munthu, pamodzi ndi kufotokoza kolemba kwa mpata uliwonse. Fomu yanga inabwezedwa chifukwa cha miyezi inayi ya 2015 yomwe ndinali nditaiwala n'komwe. Koma chodabwitsa n'choti sankafuna nkhani yaitali. Mzere umodzi, deti ndi deti, chifukwa chake mwachidule, basi. Komanso lamulo lawo la 2010 loletsa tsankho silimalola kufunsa za thanzi la munthu asanamulonjeze ntchito, kupatula pa zifukwa zochepa monga kudziwa ngati angathe chinthu chomwe ntchitoyo siingatheke popanda icho. Za thanzi zimabwera pambuyo, pa fomu ina. Asisi Nankhoma, inu mukadzafuna kubwera kuno kopitirira miyezi isanu ndi umodzi adzakuyezani chifuwa chachikulu musanapemphe viza, monga amachitira ndi aliyense wochokera ku Malawi, ndiye kadi yanu ya mankhwala ija muisunge ngati ndalama.

Nankhoma: Asisi, ku Leeds n'kutali, ine ndikungofuna pa Limbe pompa kaye, kikiki. Koma kadi ndinaisunga mu pulasitiki. Nanga kuno kwathu amaloledwa kufunsa kuti unadwala chiyani?

Mkulu wa Mafailo: Amafunsa, ndipo ena amafunsa mwamwano. Chomwe ndinganene motsimikiza ndi ichi: lamulo la za kachilombo ndi Edzi la 2018 limaletsa wolemba ntchito kukakamiza munthu kuyezetsa kachilomboko kuti alembedwe. Wina akayamba kuzungulira kuti tikufuna tione zotsatira za magazi, dziwani kuti waponda pomwe saloledwa. Kukutumizani kwa dokotala wa kampani kuti aone ngati mungathe ntchito, zimenezo zimachitika ndipo musaziope, kawirikawiri zimabwera atakusankhani kale.

Pali pepala lina lomwe sitinalione bwino. Kalata yokuchotsani ntchito ija, ikuti chiyani pa chifukwa chake?

Nankhoma: Ikuti andichotsa pa zifukwa za matenda chifukwa sindingathenso kugwira ntchito yanga. Imeneyi ndi yomwe ndimaphatikiza ku sivi, kuti aone kuti sindinabe.

Mkulu wa Mafailo: Ichotseni lero lomwe. Ndikumvetsa chifukwa chake mumaiphatikiza, kalaliki wa sitolo akachoka mwadzidzidzi anthu amaganiza za shoteji. Koma kalatayo ikunena za inu wa Malichi 2022, amene samatha kukhala tsonga. Wowerenga akuona mawu oti sangathenso, ndipo palibe pepala lina lomutsutsa.

Kapempheni satifiketi yosonyeza kuti munagwirako ntchito. Gawo 31 la lamulo lomwe lija limati mukaipempha akupatseni. Mumakhala dzina la kampani, bizinesi yake, nthawi yomwe munagwira, udindo wanu ndi malipiro omwe munali nawo pochoka. Chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha inuyo mutapempha, ndipo sayenera kuikamo ndemanga za kagwiridwe kanu ka ntchito musanawapemphe. Ndiye inu pemphani yopanda chifukwa. Za shotejizo adzayankha ndi bwana wanu wakale pa foni. Mupite mukamuone maso ndi maso, akuoneni mukuyenda, chifukwa chithunzi chomwe ali nacho m'mutu ndi cha pa bedi paja. Mumupemphe kuti akamufunsa anene za ntchito yanu, za matenda angoti munadwala ndipo munachira.

Wongowerenga: Pepani ndilowerere, ndakhala chete pagulu pano chaka chonse. Yanga ndi yosiyana. Ndinagonekedwa miyezi inayi chifukwa cha matenda a maganizo, mankhwala ndikumwabe mpaka pano ndipo ndili bwino. Mawu oti ndinachira ndinamaliza mankhwala ine sindingawanene, likhala bodza. Dzina la chipatala chokha pachidindo limaulula zonse. Ndiye za kalata ya dokotalazo kwa ine sizikuthandiza.

Namwino Wopuma: Mwachita bwino kulankhula, mwanawe. Sikuti kalata iyenera kuchokera komwe munagona. Dokotala amene amakuonani pano kuchipatala cha boma lanu akhoza kulemba kuti wakuonani ndipo mukhoza kugwira ntchito. Mawu anu asakhale oti ndinamaliza mankhwala, akhale oti ndinadwala, ndinalandira chithandizo, pano ndili bwino ndipo sizisokoneza ntchito. Anthu a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amamwa mankhwala tsiku lililonse, palibe amawafunsa. Chokhacho choti muganizire ndi masiku okatenga mankhwala. Ngati ndi kamodzi pamwezi m'mawa, mudzauze bwana atakulembani kale kuti mumakhala ndi tsiku la kuchipatala.

Wongowerenga: Ndamva amayi. Koma ndikanena kuti ndinadwala, funso lotsatira limakhala loti munadwala chiyani. Kawiri konse zinatero. Ndikakana kuyankha nkhope zimasintha. Ndiye ulendo wachitatu ndinangoti ndinali ndi zovuta za kubanja, ndipo ntchito ndinaipeza. Sindikunyadira, koma ndi mmene zinayendera.

Mphunzitsi wa Masamu: Apa ine woyamba kudandaula za bodza uja ndasowa chonena.

Mkulu wa Mafailo: Sindikuweruzani. Simunasinthe madeti, simunapeke ntchito yomwe kulibe, munangokana kuulula za m'thupi mwanu. Chiopsezo chake n'choti mukadzapatsidwa fomu ya zaumoyo yofunsa mwachindunji, pamenepo pafunika kuganiza bwino musanasaine. Kwa mayi Nankhoma njira imeneyi siyenda, chifukwa bwana wawo wakale akudziwa ndipo adzanena.

Nankhoma: Chabwino. Ndiye mzerewo ndiuike pa sivi penipeni, kapena ndidikire andifunse?

Mai a Mapasa ku Leeds: Ikani. Munthu akaona bowo amalidzaza yekha ndi zoipa: ndende, kuba, mowa.

Mjomba wa ku Bangwe: Osaika. Masivi amabwera mazanamazana, wosankha akufuna chifukwa chochepetsera mulu. Mwamupatsa nokha.

Mkulu wa Mafailo: Apa ngakhale ife a ntchito imeneyi sitigwirizana. Mnzanga amene ndinakhala naye ofesi imodzi ankaganiza ngati Mjomba. Ine ndimaona chonchi. Mpata wa miyezi itatu kapena inayi, osaulemba, aliyense amadziwa kuti ntchito ndi yosowa. Wa miyezi khumi ndi wapakatikati. Popeza pamwamba pa sivi yanu padzakhala ntchito ya kwa alamu yomwe mukugwira pano, diso liyamba kuona munthu amene ali pantchito, ndiye mukhoza kusiya sivi ili ndi madeti okhaokha, n'kuika chiganizo chimodzi m'kalata yofunsira ntchito, ndime yachiwiri kapena yachitatu, osati yoyamba. Tanthauzo lake likhale ili, mulitembenuze nokha m'Chingerezi: kuyambira Epulo 2022 mpaka Januwale 2023 ndinapuma chifukwa cha matenda omwe ndinachira, ndipo kuyambira Febuluwale ndabwerera pa ntchito ya mabuku ndi sitoko. Osaika pepani, osaika mwatsoka, osaika dzina la chipatala. Ikakhala fomu ya pa intaneti yokana kupitirira mpaka mutadzaza miyezi yonse, mzere womwewo muulembe m'bokosimo.

Pa intavyu, yankho lanu lisapitirire kupuma kuwiri. Ndinadwala, ndinalandira chithandizo, ndinachira, kalata ya dokotala ndili nayo ngati mungaifune. Mukatero musaime kudikira chifundo, lowani mu ntchito: pano ndimasunga mabuku a shopu ya zomangira, mwezi uliwonse ndimawerenga sitoko n'kufananitsa ndi zogulitsa. Panelo imatsatira komwe mwaitengera. Ulendo watha munaitengera ku wodi, ndipo anthu aja sanadziwe potulukira. Wina akaumirira kuti anali matenda anji, nenani kuti linali vuto la msana lomwe linatha, dokotala wangondiletsa kusenza zolemera. Ndi zoona, ndipo ndi gawo lokhalo lomwe likukhudza ntchito yawo.

Namwino Wopuma: Ndipo muyeserere kunyumba mokweza, mwana wanga. Misozi ija inabwera chifukwa kanali koyamba kuinena nkhaniyo kwa alendo. Mchemwali wanu uja akhale panelo, akufunseni kakhumi mpaka mawuwo azituluka ngati mukunena mtengo wa tomato.

Nankhoma: Mchemwali wangayo ndi amene ayambe kulira, amayi. Ndipempha alamu, iwo alibe chisoni ndi munthu.

Kabaza wa pa Sitima: Ine ndikuti za leba zija muziganizirebe.

Nankhoma: Ndabwerako, anzanga. Dzulo ndinapita kuntchito kwakale. Bwana atandiona pakhomo anaimirira n'kugwira pakamwa, akuti anamva kuti ndili pa njinga ya olumala kumudzi. Wavomera kundichitira umboni. Satifiketi andipatsa lero m'mawa, yopanda chifukwa monga munanenera. Koma pali kanthu: alemba kuti ndinagwira mpaka 31 Disembala 2021, osati Malichi 2022. Mtsikana wa mu ofesi akuti anatengera mwezi womaliza pa malipiro ndi pa penshoni. Kuchipatala andiuza ndipite Lachitatu sabata yamawa, dokotala wa mafupa amabwera tsiku limenelo. Kutseka ndi mawa. Ndilembe Disembala kapena Malichi?

Mkulu wa Mafailo: Mtsikanayo wasokoneza kutha kwa malipiro ndi kutha kwa ntchito. Penshoni inaima mu Disembala chifukwa panalibe malipiro odulapo, koma kalata yawo yomwe, yosainidwa ndi iwo, ikuti 31 Malichi. Bwererani masana ano ndi fotokope ya kalatayo, muwaonetse, akonze. Sivi ndi satifiketi zisasiyane ngakhale mwezi umodzi. Akakonza lero, lembani Malichi n'kuphatikiza satifiketi. Akapanda kukonza, lembanibe Malichi koma satifiketi yolakwikayo musaitumize, mudzapita nayo yokonzedwa ku intavyu. Kalata ya dokotala siyofunika mawa, imeneyo ndi ya m'chikwama.

Mjomba wa ku Bangwe: Akakana kukonza ndiye mpata wabwerera pa miyezi 13. Mudzandikumbuka ine ndi munda wanga uja.

Nankhoma: Mjomba, munda wanuwo limani nokha. Ndakwera kale minibasi, kalata ili m'manja. Bwana Mkulu, akati wosaina watuluka ndidikire pompo kapena ndisiye fotokope?

Mkulu wa Mafailo: Dikirani pompo. Mukasiya ilowa m'thireyi.